Mpando wosakhalapo munthu: mmene a Beatles adalowetsera womvera m'nyimbo, 1962–1968

Pakati pa Okutobala 1962 ndi Novembala 1963, gulu la anyamata anayi a mumzinda wa Liverpool, la Beatles, lidatulutsa ku Mangalande timbale tisanu totsatizana. Nyimbo zotsogola pa timbaleto zidali Love Me Do, Please Please Me, From Me to You, She Loves You ndi I Want to Hold Your Hand. Ngakhale munthu wosadziwa maimbidwe ake, akangowerenga mayinawa aona kuti onse akulankhula kwa munthu wina. Awiri oyambawo ndi pempho, ndipo pempho limafuna wopemphedwa. Atatu otsatirawo akumutchula munthuyo ndi mlowam'malo. Palibe ngakhale limodzi lotchula dzina lake.

Izi sizidangochitika mwangozi. Paul McCartney wakhala akufotokoza kuti iye ndi John Lennon ankaika dala alowam'malo otere m'mayina a nyimbo zawo zoyambirira, pofuna kuti wogula chimbale amve ngati akulankhulidwa ndi iye. Anthu ambiri nkhaniyi amaithera pomwepa: woimba ati "iwe", womvera ati "akunena ine". Koma tikatsata nyimbo za gululi m'zaka zisanu ndi chimodzi, tipeza kuti mlowam'maloyu ali ngati mpando umene aika m'kati mwa nyimbo popanda wokhalapo, ndipo olembawo ankausuntha. Nthawi zina womvera ankakhala wokondedwa, nthawi zina bwenzi lolandira uthenga, nthawi zina mwini tsoka. Ife amene timalankhula zinenero zosiyanitsa iwe ndi inu tili pabwino kuona kusunthaku, chifukwa zimene Chingerezi chimabisa, zinenero zathu zimatikakamiza kuzinena.

Chingerezi chidataya iwe wake

Tiyambe ndi chida chenichenicho. Kalelo Chingerezi chidali ndi mawu awiri ngati Chichewa. Polankhula kwa munthu mmodzi ankati "thou", polankhula kwa ambiri ankati "ye" kapena "you". Kuyambira cha m'zaka za m'ma 1200, potengera Chifalansa cha anthu apamwamba, Angerezi adayamba kupereka mawu a ambiriwo kwa munthu mmodzi pofuna kumlemekeza, monga timachitira tikati "inu agogo". Ulemuwu udafalikira pang'onopang'ono. Munthu wosamdziwa bwino, kulibwino kumlemekeza kusiyana ndi kumchepsa, ndiye mawu aulemu aja adalowerera paliponse, mpaka "thou" adayamba kumveka ngati chipongwe.

Ena adalimbana nako kusinthaku. George Fox, amene adayambitsa mpingo wa Akweka, adatulutsa buku pamodzi ndi anzake mu 1660 loumirira kuti munthu mmodzi, kaya ndi woweruza kaya ndi wantchito, ayenera kuitanidwa ndi mawu a mmodzi. Otsatira ake ankanyozedwa ndi kumenyedwa kumene chifukwa chouza akuluakulu kuti iwe. Sadapambane. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, mawu akalewo adali atatha m'Chingerezi cha anthu ophunzira. Adatsalira m'Baibulo la 1611, m'mapemphero, m'nyimbo za kutchalitchi, ndi m'kalankhulidwe ka kumidzi ya kumpoto.

Choncho "you" wa lero ndi inu amene adameza iwe. Satiuza ngati wolankhulidwayo ndi mmodzi kapena ambiri, mwamuna kapena mkazi, mwana kapena mfumu, bwenzi kapena mlendo. Kwa munthu wolemba kalata ya ntchito limeneli ndi vuto laling'ono. Kwa wopeka nyimbo ndi mwayi, pakuti liwu limodzi lotuluka pansanja likhoza kugwera holo yonse ndi kugweranso mtsikana mmodzi wokhala mzere wachitatu, nthawi yomweyo. Ku Liverpool anthu wamba ali ndi liwu lawo lotchulira ambiri, "youse", limene lidabwera ndi anthu ochokera ku Ireland. Anyamata anayi aja adakula akulimva. M'nyimbo zimene tikunenazi sadaligwiritse ntchito.

Chimbale ngati yankho la kalata

Pa 28 Febuluwale 1963 gululi lidali m'basi kuchoka ku York kupita ku Shrewsbury, pa ulendo woimba umene dzina lalikulu lidali la Helen Shapiro, mtsikana wa zaka 16. Lennon adali ndi zaka 22, McCartney 20. M'basimo adapeka From Me to You. Dzina la nyimboyi adalitenga ku tsamba la makalata a owerenga m'nyuzipepala ya nyimbo ya New Musical Express, limene linkatchedwa From You to Us, ndiko kuti kuchokera kwa inu kudza kwa ife. Iwo adangolitembenuza. Makalata a atsikana okonda gululi adali atayamba kufika ambiri, ndipo chimbale chidakhala ngati yankho lake. Nyimbo ya kuseri kwa kachimbale komweko, Thank You Girl, adailemba ndi cholinga chothokoza olemba makalatawo.

Chofunika kuona m'nyimboyi ndi zimene idasiya. Woimba akulonjeza kutumiza chilichonse chimene mnzakeyo angafune. Mnzakeyo alibe dzina, alibe mudzi, alibe msinkhu, sitimva za tsitsi lake kapena chovala chake. Palibe tsiku limene adakumana, palibe mkangano umene adakangana. Chilichonse chimene wolemba akadawonjezera chikadatulutsa anthu ena kunja. Akadati tsitsi lalitali, wa tsitsi lalifupi akadadziwa kuti kalata si yake. Mpando umakwana aliyense pokhapokha ngati palibe amene wasiyapo chipewa chake.

Nyimbo zachikondi zolankhula kwa wokondedwa wopanda dzina sizidayambe ndi a Beatles. Zidadzaza kale m'nyimbo zotchuka za ku Amereka, makamaka kuchokera pamene kujambula mawu ndi maikolofoni kudayamba mu 1925, woimba nkutha kuimba motsitsa ngati akunong'oneza munthu mmodzi m'malo mokuwira khamu. Chachilendo apa chidali chakuti oimbawo ndiwo adapeka okha nyimboyo, adali a msinkhu umodzi ndi omvera awo, ndipo omverawo adali atawalemberadi makalata. Mtsikana wa ku Shrewsbury woganiza kuti akuyankhidwa sankalota kwenikweni. Kachimbaleko kadatuluka pa 11 Epulo 1963 ndipo kadakhala pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri masabata asanu ndi awiri.

Pali kanthu kena kakang'ono kotionetsa mmene liwu lachingerezi lija limagwirira ntchito. Kumapeto kwa chaka chomwecho wayilesi ya BBC idapatsa gululi pologalamu yakeyake, imene idayamba kuulutsidwa pa 26 Disembala 1963, yotchedwa From Us to You. Nyimbo ija adaisintha pang'ono kuti ikhale yotsegulira pologalamu. "Ine" adasanduka "ife", ndipo kusinthako kudaoneka. Wolandira nayenso adasintha, kuchoka pa wokondedwa mmodzi kufika pa dziko lonse lotchera khutu ku wayilesi, koma liwu lake silidasinthe ndi chilembo chimodzi chomwe. M'Chichewa sizikadatheka. "Kwa iwe" akadayenera kusanduka "kwa inu", ndipo mtsikana uja akadamva chitseko chikutseguka, anthu ena nkulowa m'chipinda.

Woimba asanduka nkhoswe

Patangopita miyezi inayi kuchokera tsiku la m'basi lija, pa 26 Juni 1963, awiriwa adakhala m'chipinda cha hotela ku Newcastle atatha kuimba, nkuyamba nyimbo ina. Adakaimalizira kunyumba kwa bambo a McCartney ku Liverpool, ndipo adaijambula pa 1 Julayi. Ganizo loyamba la McCartney lidali la nyimbo yoyankhana, wina kutsogola ena kuvomera, monga timaimbira kwathu kuno. Ganizoli adalisiya, koma lidasiya mbewu: m'nyimbomo mudalowa munthu wachitatu.

She Loves You ili ndi anthu atatu. Pali mtsikana amene wapwetekedwa mtima, ndipo iyeyo salankhula. Pali mnyamata amene akuganiza kuti chibwenzi chatha, nayenso salankhula. Wolankhula ndi bwenzi limene lakumana ndi mtsikanayo, latenga mawu ake, ndipo labwera kudzauza mnzake kuti chikondi chikadalipo, apite akapepese. Kwathu ntchito imeneyi ndi ya nkhoswe, kapena ya mnzako amene umamtuma pamene iwe mwini nkhope yalemera. Woimba wachoka pa mpando wa wokonda, wakhala pa mpando wa wonyamula uthenga.

Tsono womvera akhala pati? Tikatsata nkhani mmene ilili, wouzidwayo ndi mnyamata. Anyamata amene nyimbo zoyamba zija zidawasiya panja, popeza sizinkalankhula kwa iwo, tsopano adapeza malo. Koma khamu limene linkadzaza maholo mu 1963 lidali la atsikana makamaka, ndipo nawonso sadatayidwe. Iwo adapeza malo mwa mtsikana wosalankhula uja: zimene zidali mumtima mwawo, anyamata a pansanja ankazilengeza mokweza m'malo mwawo. Palinso malo achitatu, a womvera amene akuimba nawo ali pafupi ndi mnzake, nkukhala iye wonyamula uthenga.

Kamangidwe ka nyimboyi kamathandiza kuti malo onsewa akhale otseguka. Siyamba ndi ndime yofotokoza nkhani. Ng'oma ingogunda pang'ono, kolasi nkuyamba pomwepo. Womvera amalandira uthenga woti wina amamukonda asanadziwe kuti pali mnyamata, mtsikana ndi mkangano. Pamene ndime ikubwera kudzalongosola kuti uthengawo ndi wa munthu wina, iye wautenga kale. Kolasi ikabweranso, nkhani ija imabwerera m'mbuyo, uthenga nkutsala wokha. Lennon ndi McCartney amaimbira pamodzi pafupifupi nyimbo yonse, motero liwu silimveka ngati la munthu mmodzi woulula zakukhosi, limamveka ngati la anzako amene akuzungulira kuti akulimbitse mtima.

Kachimbaleko kadatuluka pa 23 Ogasiti 1963. Chaka chisanathe kadagulidwa kopitirira miliyoni imodzi ku Mangalande kokha, ndipo palibe kena kamene kadakaposa m'dzikolo mpaka mu 1977, pamene McCartney yemweyo adatulutsa Mull of Kintyre ndi gulu lake la Wings. Sitinganene kuti mlowam'malo ndiye adagulitsa zonsezi. Padali maimbidwe, ng'oma, tsitsi, wayilesi ya kanema. Koma pa nyimbo zonse za chaka chimenecho, iyi ndiyo idali ndi makomo ambiri olowera.

Womasulira akakamizidwa kusankha

Kampani yogulitsa zimbale za gululi ku Jeremani ya Kumadzulo idaumirira kuti nyimbo sizingayende malonda kumeneko ngati siziimbidwa m'Chijeremani. Gululi silidafune, koma lidagonja. Pa 29 Januwale 1964, lili ku Paris kumene linkaimba masabata angapo, lidalowa mu situdiyo ya Pathé Marconi kukajambula nyimbo ziwiri m'chinenerocho. Mawu adakonzedwa mothamanga ndi Camillo Felgen, woimba ndi muulutsi wa ku Luxembourg. Pa I Want to Hold Your Hand adangoimba mawu atsopano pamwamba pa zing'wenyeng'wenye zakale. Pa She Loves You tepi yoyambirira padalibe, ndiye adaimbanso nyimbo yonse.

Chijeremani chili ndi njira zitatu: "du" kwa mmodzi amene mwazolowerana, "ihr" kwa ambiri amene mwazolowerana, ndi "Sie" waulemu. Womasulira sakadatha kuzemba. Adasankha yoyamba, ndipo mayina a nyimbozo akuonetsa: Sie liebt dich, ndi Komm, gib mir deine Hand. Sikudali kusankha kolakwa, pakuti achinyamata okondana sakadalankhulana mwa njira ina. Komabe china chidatsekeka. Liwu lachingerezi linkatha kukhala la mmodzi ndi la holo yonse. Lachijeremanili ndi la mmodzi basi. Dzina lachiwirilo lidasinthanso kapangidwe. M'Chingerezi woimba akunena chimene iye akufuna, ndipo mnzakeyo ndi pamtherankhani chabe. M'Chijeremani akumulamula kuti abwere, apereke dzanja. Wolankhulidwa uja wapatsidwa chochita, ndipo womvera amene sakufuna kuchita zimenezo wayamba kale kudziona kuti ali kunja.

Tiyese ntchito yomweyo m'Chichewa, pa dzina lokha la She Loves You. Tikati "Amakukonda", tasankha munthu mmodzi wa msinkhu wathu kapena wocheperapo. Ndi mmene anyamata awiri angalankhulirane pa bwalo la mpira, ndipo zikugwirizana ndi nkhani ya m'nyimbomo. Tikati "Amakukondani", tatsegula njira ziwiri nthawi imodzi: mwina tikuuza khamu, mwina tikuuza munthu mmodzi wofunika ulemu. Nyimbo ya chibwenzi yasanduka ya banja, wonyamula uthenga uja wakhaladi nkhoswe imene yakhala pamphasa ndi mwamuna wa mwini, kumuuza kuti mayi akunyumba mtima wawo udakali pomwepo. Kachilembo ka -ni kakulitsa anthu onse atatu ndi zaka khumi.

Taonaninso chimene Chichewa chabisa pamene Chingerezi chidaulula. "A-" wa kumayambiriro sanena ngati wokondayo ndi mkazi kapena mwamuna, ngakhale kuti ndi mmodzi kapena ambiri. Mpando umene Chingerezi chidaika dzina la mkazi, kwathu uli wopanda chizindikiro. Chinenero chilichonse chili ndi malo ake osalembedwa, ndipo wopeka nyimbo waluso amadziwa pamene ali m'chinenero chake. Olankhula Chishona ndi iwe ndi imi wawo, kapena Chibemba ndi Chitumbuka ndi iwe ndi imwe, akumana ndi mphambano yomweyi.

Iwe wa m'miyambi

Pofika mu 1966 mpando udasunthanso, ndipo ulendo uno udapita patali. M'mwezi wa Malichi McCartney ali kutchuthi ku Switzerland adalemba For No One, imene idatuluka pa chimbale cha Revolver pa 5 Ogasiti. Ndi nyimbo ya mphindi ziwiri zokha, ya piyano ndi lipenga limene adaliza Alan Civil. Ikunena za mwamuna amene chikondi cha mkazi wake chazilala iye akali kumufuna. Mwamunayo ndiye "iwe". M'nyimbo yonse mulibe "ine". Woimba sakupempha kanthu kwa wolankhulidwayo, sakumubweretsera uthenga, sakumulangiza. Akungomuuza zimene zikumuchitikira, m'nthawi ya tsopano, kuyambira pamene kwacha.

Munthu sauzidwa ndi wina zimene zili m'mutu mwake. Ndiye wolankhula ndani? Yankho lomveka ndi lakuti mwamunayo akudzilankhula yekha, wadzipatula pa iye mwini chifukwa kunena kuti "ine" kukupweteka kwambiri. Koma njira imeneyi ili ndi zotsatira kwa womvera. Chiganizo chilichonse chikumuika iye m'nyumba imeneyo, pamaso pa mkazi amene maso ake salinso ndi kanthu. M'nyimbo za 1963 womvera ankaitanidwa kuti alandire chinthu chokoma. Apa akuvekedwa malaya a wina osafunsidwa.

Iwe wotereyu timamudziwa bwino, chifukwa ndi wa m'miyambi yathu. Tikati "ukaipa dziwa nyimbo", kapena "ukayenda siya phazi", sitikuloza munthu. U- ameneyu ndi aliyense amene zingamugwere, wonenayo ali momwemo. Nchifukwa chake mwana akhoza kunena mwambi wotere pamaso pa agogo ake popanda kuwachita chipongwe, pamene sangayerekeze kuwauza kuti "ubwere kuno". Womasulira For No One m'Chichewa sangavutike ngati wa She Loves You uja. "Inu" angaiphe nyimboyo pomwepo, chifukwa munthu sadzilemekeza polankhula mumtima mwake. Pafunika u- yekha.

Chaka chotsatira iwe wa m'miyambiyu adakula mpaka kukwana dziko lonse. Pa 25 Juni 1967 padaulutsidwa Our World, pologalamu ya kanema yolumikiza maiko ambiri nthawi imodzi kudzera pa setilaiti, imene oonera ake amayerekezedwa kuti adafika pa 400 miliyoni. A BBC adapempha a Beatles kuti aimirire dziko lawo ndi nyimbo ya mawu osavuta, oti ngakhale wodziwa Chingerezi chochepa amve. Lennon adalemba All You Need Is Love. Mmenemo mulibe nkhani, mulibe mkazi kapena mwamuna, muli ziganizo zokhala ngati miyambi zokhazokha. Apa kufutukuka kudafika pamapeto ake. Liwu limene mu 1963 linkanamizira kuti ndi la munthu mmodzi pamene lili la ambiri, tsopano lidavomera poyera kuti ndi la aliyense. Mtengo wake udali wakuti palibe amene akadamva kuti akunong'onezedwa iye yekha.

Pamene mpando ukana munthu

Njira imeneyi ili ndi malire, ndipo gulu lomweli lidawagunda. Chimbale cha Rubber Soul, cha mu Disembala 1965, chimatha ndi Run for Your Life, mmene woimba akuopseza mtsikana kuti amupha akadzampeza ndi mwamuna wina. Mlowam'malo ndi yemwe uja, wopanda dzina, wopanda nkhope. Koma palibe mkazi amene angafune kukhala pa mpando umenewo, ndipo mwamuna woimba nawo amapezeka kuti m'kamwa mwake mwalowa mawu a chiopsezo. Lennon mwini adadzanena pambuyo pake kuti ankadandaula kuti adailemba. Chizindikiro chake nchosavuta: pamene womvera wayamba kufunsa kuti "kodi ameneyu akumuuza ndani?", ndiye kuti waima pakhomo, akuonerera mkangano wa eni.

Nyimboyi ikutikumbutsanso kuti mipando ndi iwiri, wa wouzidwa ndi wa wonena. Mu 2020 akatswiri awiri, Grant Packard ndi Jonah Berger, adafalitsa kafukufuku m'magazini ya Psychological Science. Adawerenga alowam'malo m'nyimbo zambirimbiri za pa mindandanda ya Billboard ku Amereka, napeza kuti nyimbo zokhala ndi "you" wambiri zinkakwera kuposa zinzake. Mphamvuyo inkaoneka makamaka pamene liwulo lili pamtherankhani, wochitiridwa, monga -ku- wa mu "ndimakukonda". Poyesa ndi anthu, adapeza chifukwa chake: omvera sankadziyesa okha kuti ndiwo akuimbiridwa. Ankakumbukira munthu wina wa m'moyo mwawo. Kunena kwina, ankakhala pa mpando wa woimba, nkuika munthu wawo pa mpando wopanda munthu uja.

Kafukufukuyu adaona nyimbo za Chingerezi za zaka zaposachedwa, ndipo sangatiuze zimene zidali m'mitima ya atsikana a mu 1963. Koma akulongosola chinthu chimene amayi a pamtondo adachidziwa kalekale. Mayi akamasinja nkumaimba modandaula za iwe wosatchulidwa dzina, mnzake wolandizana naye munsi amavomera ndi mtima wonse, chifukwa naye ali ndi wake amene akumuganizira. Nyimbo ndi imodzi, olasidwa ndi awiri, ndipo palibe amene angakasume kwa mfumu kuti watukwanidwa.

Nyimbo ya mwana imene bambo adaitenga

Chapakati pa 1968 banja la Lennon ndi mkazi wake Cynthia lidali kutha. McCartney adayendetsa galimoto kupita ku Weybridge kukaona Cynthia ndi mwana wawo Julian, amene adali ndi zaka zisanu. Ali m'njira adayamba kupeka nyimbo yotonthoza mwanayo. Poyamba idali ndi dzina lofupikitsa la Julian, kenaka adalisintha kukhala Jude chifukwa linkaimbika bwino. Hey Jude idatuluka kumapeto kwa Ogasiti 1968, ndipo ku Amereka idakhala pamwamba masabata asanu ndi anayi.

Poyang'ana zimene taona pa From Me to You, nyimboyi ikadayenera kutseka chitseko, pakuti ili ndi dzina. Koma dzinalo silinali la munthu aliyense wodziwika, ndipo likhoza kukhala la mwamuna kapena la mkazi. Kuwonjezera apo, nyimboyo itangoyamba imachoka pa mwana, nkuyamba kulimbikitsa munthu wamkulu kuti asaope, apite akatenge mkazi amene wampeza. Mawu amenewo sakwana mwana wa zaka zisanu. Adakwana wina. Pocheza ndi magazini ya Playboy mu 1980, Lennon adati iye nthawi zonse ankaimva ngati nyimbo yolembera iye, mnzake akumuloleza kuti apite ndi Yoko Ono. Munthu amene adakhala m'basi ija mu 1963, amene ankadziwa msampha wonse mmene adautchera, adakodwa nawo monga mtsikana aliyense wa ku Shrewsbury.

Nyimboyi ndi yotalika kupitirira mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo zoposa zinayi mwa izo ndi mathero obwerezabwereza amene pafupifupi alibe mawu a tanthauzo. Alowam'malo atha ntchito. Pa 4 Seputembala 1968, pojambula kanema wa nyimboyi ku Twickenham, gululi lidaitana anthu wamba kuti adzakhale omvera. Ndime zonse adakhala pambali. Mathero aja atayamba adakhamukira kutsogolo, nazungulira piyano ndi ng'oma, ena kutsamira pa oimba, onse akuimba. Kuyambira pamenepo sizikudziwikanso kuti wouza ndani, wouzidwa ndani.

Julian Lennon adadzamva bwino nkhani ya nyimboyi atakula. Iye ndiye yekha padziko amene akadatha kunena mosakayika kuti iwe ameneyo ndi iye, ndipo pa nthawi imene ankazindikira, anthu mamiliyoni adali atakhalapo kale pa mpando wake, bambo ake ali m'gulu lomwelo.